Kudziwa zaka za wotchi yakale yam'thumba

Wotchi ya ku America, monga ya Waltham kapena Elgin, imadziwika zaka zake ndi nambala yolembedwa pa makina ake am'kati. Nambala ya pa chikopa chakunja imasocheretsa, chifukwa zikopa zinkapangidwa ndi makampani ena, ndipo wogula ankadzisankhira yekha. Mawu akuti "Warranted 20 Years" amatanthauza golide wongokutira, osati weniweni.

Chikopa cha siliva cha ku England chimasunga mbiri bwino: kamkango kamatsimikizira siliva, nangula amasonyeza Birmingham, ndipo kachilembo kamodzi kamatchula chaka. Komabe chakacho ndi cha chikopa chokha.

Nkhope ya enamelo, yomwe imachita timing'alu ngati tsitsi, imangothandizira, pakuti yambiri inasinthidwapo. Kabowo ka kiyi wopukusira nthawi zambiri kamaloza zaka za m'ma 1800.