Shuga wa ku Nchalo, Eni Ake ku London

Mukafunsa kuti mwini wake wa Illovo Sugar Malawi ndani, yankho loyamba limapezeka m'lipoti lake lapachaka, pamndandanda wa eni masheya. Dzina lalikulu pamenepo ndi Sucoma Holdings, yomwe ili ndi magawo 76 pa 100 aliwonse. Otsalawo ndi a mabungwe ndi anthu omwe amagula pamsika wa masheya ku Blantyre.

Sucoma Holdings inalembetsedwa ku Mauritius ndipo silima nzimbe. Ntchito yake n'kusunga masheya basi. Nayo ili pansi pa Illovo Sugar Africa ya ku South Africa, yomwe kholo lake ndi Associated British Foods ya ku London, eni ake a tiyi wa Twinings ndi masitolo a zovala a Primark. Wofufuza wongoima pa dzina loyamba lija akhoza kulemba kuti shuga wathu ndi wa anthu a ku Mauritius, pomwe mawu omaliza ali ku Britain.

Masamu ake ndiye amasokoneza ambiri. Mu 2006, Associated British Foods inagula magawo 51 pa 100 a Illovo ya ku South Africa. Chulukitsani 51 pa 100 ndi 76 pa 100, mupeza pafupifupi 39 pa 100. Ndiye kuti pa K100 iliyonse ya phindu logawidwa kuno, gawo la a ku London linali ngati K39. Komatu ulamuliro anali nawo wonse, chifukwa pa sitepe iliyonse mavoti awo ankapitirira theka. Gawo la phindu ndi mphamvu yosankha oyang'anira kampani si chinthu chimodzi. Mu 2016 anagula masheya otsala ku South Africa, ndipo gawo lawo linakwera kufika pa 76.

Pansi paliponso mwana. Fakitale ya ku Dwangwa, ku Nkhotakota, ili m'dzina la Dwangwa Sugar Corporation, kampani yolembetsedwa payokha koma ya Illovo Malawi. N'chifukwa chake manambala m'lipoti amabwera m'mizati iwiri. Mzati wolembedwa "Group" ukuphatikiza Nchalo ndi Dwangwa, pomwe wa "Company" wasiya malonda a Dwangwa kunja. Mukayerekeza "Group" ya chaka chatha ndi "Company" ya chaka chino, mudzaona ngati malonda agwa pomwe palibe chachitika.

Ine tsamba lomwe ndimaona kuti liyenera kuwerengedwa mofatsa ndi lakumapeto, lonena za malonda a pakati pa makampani apachibale. Pamenepo m'pomwe pamaoneka ndalama zopita kwa kholo kudzera m'njira zina osati phindu lokha: malipiro a upangiri, chiwongoladzanja cha ngongole, katundu wogulidwa kudzera mwa kampani ina ya m'banjamo.

Ndipo ngati mukupereka katundu pangongole, onani dzina lenileni lomwe lili pa kontrakiti. Mwalamulo kampani iliyonse imadziyankhira yokha, choncho kholo lolemera silikakamizika kubweza ngongole ya mwana pokhapokha litasainira kuti lidzatero.