Mmene wotchi ya manambala imachokera pa 39 kufika pa 40

Purosesa ya mu wotchi imawerenga ndi mabiti, omwe ndi 0 ndi 1 basi, koma munthu amafuna kuona manambala a 0 mpaka 9. Njira ya BCD imayanjanitsa ziwirizi. Baiti imodzi, ya mabiti 8, imagawidwa pakati, ndipo theka lililonse limasunga nambala imodzi. Mphindi 39 zimalembedwa `0011 1001`: kumanzere 3, kumanja 9. Pofuna kuzionetsa pa sikirini, pulogalamu imangotenga theka lililonse palokha popanda kugawa ndi 10. Izi zinali zothandiza pa mapurosesa monga Z80 ya mu 1976, imene inalibe lamulo logawira. Kachipangizo kosunga nthawi ka DS1307 nakonso kamasunga masekondi, mphindi ndi maola mwa njira yomweyi.

Vuto limabuka pophatikiza. Mabiti anayi amatha kuwerenga kuyambira 0 mpaka 15, pomwe BCD imalekera pa 9. Purosesa ikawonjezera 1 pa 39 imapeza `0011 1010`. Theka la kumanja lafika pa 10, ndipo palibe nambala imodzi imene wotchi ingaonetse pamenepo. Chokonzera chake ndi kuwonjezera 6, chifukwa malo osagwiritsidwa ntchito, 10 mpaka 15, alipo 6. Kumanja kukatero kumasefukira n'kubwerera pa 0, ndipo 1 wosungidwa amapita kumanzere. Zotsatira zake ndi `0100 0000`, ndiye 40.

Nthawi zina cholakwika sichionekera poyera. Kuphatikiza 8 ndi 9 kumapereka `0001 0001`, zooneka ngati 11 wabwinobwino, chonsecho yankho ndi 17. N'chifukwa chake Z80 ili ndi chizindikiro chotchedwa H, chimene chimayaka theka la kumanja likasefukira. Lamulo la `DAA` limawonjezera 6 kumanja ngati kwapitirira 9 kapena H wayaka. Limachita chimodzimodzi kumanzere, koma kumeneko limayang'ana chizindikiro cha C.

Komabe `DAA` sadziwa kuti ola lili ndi mphindi 60. Pa 59 amangopereka 60, choncho wolemba pulogalamu ayenera kubwezera yekha pa 00:

```
ADD A,1
DAA
CP 60h
JR NZ,sunga
XOR A
sunga: LD (mphindi),A
```

Mzere wachitatu umayerekezera ndi `60h`, osati 60 wamba, popeza mu BCD nambalayi ndi `0110 0000`. Mzere woyamba nawonso umafuna kusamala. Lamulo la `INC A` limawonjezera 1 koma silikhudza C, ndiye ngati C anatsala woyaka, `DAA` amawonjezera `60h` mosafunikira, mphindi 12 n'kudumphira pa 73.

Zimene wotchi ikuonetsa zimaulula pamene palakwika. Ikaonetsa chilembo kapena malo opanda kanthu pambuyo pa 9, ndiye kuti `DAA` waiwalika. Ikafika pa 60 n'kupitirira, cholakwika chili pa mzere woyerekezera.