Kumasulira kalata yotulukira m'chipatala

Wodwala akamatuluka m'chipatala, dokotala amalemba mwachidule matenda amene anapezeka, chithandizo chimene chinaperekedwa ndi zoyenera kuchita kunyumba. Ku Malawi zimenezi zimalembedwa m'Chingerezi, nthawi zambiri m'buku la kuchipatala, ndipo wolembayo amakhala akulankhula ndi achipatala anzake. Womasulira kalatayi m'Chichewa amasiyanitsa zinthu zitatu: zofunika kutambasula, zofunika kukopera osasintha, ndi zofunika kukafunsa.

Mwana wogonekedwa ndi malungo aakulu angatuluke ndi mizere yotere:

```
Dx: severe malaria, anaemia. Hb 7.2 g/dL
LA 2 tabs BD 3/7. Review 2/52
```

Zidule ndizo zimatambasulidwa. Dx ndi matenda amene apezeka, omwe pano ndi malungo aakulu ndi kuchepa kwa magazi. BD ndi kawiri pa tsiku, monga TDS ili katatu. Msampha uli pa 3/7, chifukwa wosazolowera amayesa ndi pa 3 Julaye, chonsecho tanthauzo lake ndi masiku atatu. Nambala ya m'munsi imasonyeza muyezo wa nthawi: 7 ndi masiku, 52 ndi masabata, 12 ndi miyezi. Choncho mzere wachiwiriwo ukunena kuti mwana amwe mapilitsi awiri a LA kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo abwerenso kuchipatala pakatha masabata awiri.

Dzina la mankhwala silimasuliridwa. Limakoperedwa chilembo ndi chilembo kuti lifanane ndi lomwe lili pa paketi. Kungolemba kuti "mankhwala a malungo" kumasokoneza, pakuti mankhwala otero alipo angapo ndipo kamwedwe kake n'kosiyana. Ntchito ya mankhwalawo ingatchulidwe pambali pa dzinalo, osati m'malo mwake.

Zotsatira za kulabu nazo zimakoperedwa pamodzi ndi muyezo wake. Hb ndi kuchuluka kwa chinthu chofiira chonyamula mpweya m'magazi, ndipo 7.2 g/dL yomweyo ku Britain imalembedwa 72 g/L. Shuga wa m'magazi amayezedwanso m'njira ziwiri: 7 mmol/L ndi chimodzimodzi 126 mg/dL, chifukwa nambala yoyambayo imachulukitsidwa ndi 18. Muyezo ukasiyidwa, wowerenga sangadziwe ngati 20 ndi shuga wokwera kwambiri kapena wotsika koopsa. Womasulira saweruza yekha kuti zotsatirazo ndi zabwino kapena zoipa ngati dokotala sanalembe choncho.

Zina sizimasulirika popanda kufunsa. OD pa mankhwala akumwa ndi kamodzi pa tsiku, koma kwa madokotala a maso ndi diso lakumanja. Kadontho ka mu 2.5 mg kakafufutika, mlingo umaoneka ngati 25 mg, womwe ndi wochuluka kakhumi. Pamalo otere womasulira salota. Amalemba kuti mawuwo sakuwerengeka, n'kukafunsa amene analemba kalatayo kapena wopereka mankhwala. Akamaliza amayerekeza nambala iliyonse ndi ya m'kalata yoyambirira, ndipo makalata awiriwo amasungidwa pamodzi kuti dokotala wotsatira aone onse.