Zimene Inshulansi ya Minibasi Imalipira ndi Zimene Imakana

Malamulo a pamsewu m'Malawi amafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshulansi ya thedi pate, yomwe imalipira anthu ena amene avulazidwa kapena kuwonongeredwa katundu, koma siyikonza galimoto ya mwini wake. Wofuna kuti minibasi yake ikonzedwenso amagula ya kompulehensivu. Ngakhale imeneyi ili ndi malire, ndipo amalembedwa m'chikalata cha mgwirizano chimene eni minibasi ambiri amachitsegula koyamba ngozi itachitika kale.

Malire oyamba ndi zinthu zimene kampani imaneneratu kuti sidzalipira. Pa minibasi, nkhani imakula pa munthu amene anali pachiwongolero. Mgwirizano umafuna dalaivala wa laisensi yoyenera ndi chilolezo chonyamula anthu, woyendetsa mwini galimoto atamuvomereza. Koma m'madepoti muli chizolowezi choti dalaivala akatopa amapatsira makiyi waganyu, nthawi zina kondakitala, kuti amenyeko ulendo umodzi. Ngozi ikachitika pa ulendo umenewo, woyendetsayo n'kupezeka alibe mapepala, kampani ikhoza kukana kukonza minibasiyo, ngakhale mwini wake anali kunyumba osadziwa kanthu. N'chimodzimodzi dalaivala akaledzera, akapakira anthu folofolo kupyola mipando yololedwa, kapena galimoto ikamayenda pepala lotsimikizira kuti ili bwino pamsewu litatha.

Zotha ndi ntchito nazo sizilowamo. Injini ikanoka, giyabokosi ikafa, matayala akaperepeseka, imeneyo si ngozi. Ndalama za tsiku ndi tsiku zimene mwini wataya minibasi ili pagalaja sizibwezedwa, pokhapokha atagula padera chitetezo cha zimenezo.

Malire achiwiri ndi ekisesi, gawo la ndalama zokonzera limene mwini galimoto amalipira yekha pa ngozi iliyonse. Kawirikawiri imalembedwa ngati peresenti ya zowonongeka, ndi ndalama yochepetsetsa imene singatsikirepo. Mwachitsanzo, Toyota Hiace yoyenda pakati pa Limbe ndi Zomba yagunda kumbuyo kwa lole pa Namadzi, ndipo chikalata chake chikuti ekisesi ndi 10 peresenti koma osachepera K300,000. Kukonza bampala, magetsi, ladiyeta ndi galasi lakutsogolo kwakwana K2,400,000. Peresenti ija ikupereka K240,000, yomwe yachepera, choncho mwini alipira K300,000, kampani K2,100,000. Zikanafika K5,000,000, iye akanalipira K500,000. Zikanakhala K250,000 zokha, kampani sikanatulutsa kanthu. Ekisesi inaikidwa kuti makampani asamavutike ndi tingozi ting'onoting'ono, komanso kuti mwini azisamala posankha dalaivala. N'chifukwa chake zikalata zambiri zimawonjezera ina woyendetsa akakhala wachinyamata kapena wa laisensi yatsopano.

Ngozi ikachitika, ovulala amathamangitsidwa kuchipatala, apolisi n'kudziwitsidwa. Dalaivala alembe nambala ya galimoto inayo, kampani yake ya inshulansi ndi mafoni a mboni, ndipo ajambule zithunzi magalimoto asanasunthidwe ngati n'kotheka. Asavomere mlandu kapena kulonjeza kulipira. Ambiri amakonda kuthetserana pamsewu pomwepo, koma mgwirizano umati ndi kampani yokha imene ingavomere kapena kukambirana za chipukutamisozi.

Kenako mwini adziwitse kampani kapena ejenti wake msanga, osadikira lipoti la apolisi, chifukwa chikalata chimatchula nthawi yonenera ngozi, ndipo kuchedwa pakokha kumatha kukanitsa malipiro. Amadzaza fomu, n'kuperekanso laisensi ya woyendetsa, mapepala a galimoto, lipoti la apolisi likatuluka ndi makotesheni a kugalaja. Zolembedwa pafomu zigwirizane ndi zimene apolisi anauzidwa; kusinthitsa dzina la dalaivala ndi chinyengo chimene chimagwetsa pempho lonse.

Kampani imatumiza asesa kukaona galimoto ndi kuvomereza mtengo. Apa m'pomwe eni minibasi amalephera kupirira, poti tsiku lililonse galimoto ili chiimire ndi ndalama yotayika. Koma makaniko akayamba kuwongola asesa asanafike, umboni wa zowonongeka umafufutika, ndipo kampani ikhoza kudula malipiro kapena kukana. Chilolezo chikaperekedwa, galaja imakonza, mwini amalipira ekisesi yake, n'kusayina kuti wakhutira. Ngati kukonza kukudula kuyandikira mtengo wa galimotoyo, kampani imalipira mtengo wake wa pamsika, osapyola umene unalembedwa m'chikalata, kuchotsapo ekisesi, n'kutenga chiphakasacho.

Pempho likakanidwa, mwini apemphe kalata yotchula ndime ya mgwirizano imene kampani yatsamirapo, ndipo adandaule kaye kwa akuluakulu a kampaniyo. Zikakanika, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, komwe kuli ofesi yoyang'anira makampani a inshulansi, kapena kukhoti.