Kodi mumadziwa chifukwa chake nsalu zina zimatentha?

Nsalu ziwiri zikhoza kuoneka zofanana pamsika, koma m'mwezi wa Okutobala ina n'kukuwotchani. Kusiyana kwagona pa ulusi wake komanso mmene umamwera chinyontho.

Nsalu youma ya thonje yolemera kilogalamu imodzi imamwa chinyontho cha mumpweya chokwana magalamu pafupifupi 80. Ya lineni, yochokera ku chomera cha fulakesi, imamwa pafupifupi 120, ndipo ya visikosi, yopangidwa kuchokera ku mitengo, imamwanso chimodzimodzi. Koma ya poliyesita, yomwe gwero lake ndi mafuta a pansi pa nthaka, imangomwa magalamu 4 okha. N'chifukwa chake poliyesita wolukidwa mothinana amasiya thukuta pakhungu, chovala n'kumamata thupi.

Iliyonse ili ndi pofookera pake. Thonje likanyowa limachedwa kuuma. Lineni amauma msanga koma sachedwa kuchita makwinya. Visikosi amafooka akanyowa, choncho osamufinya mwamphamvu pochapa. Poliyesita ndi wolimba ndipo safuna kusita kwambiri, koma amasunga fungo la thukuta.

Ngati chitenje chilibe chizindikiro, sololani timaulusi tingapo m'mphepete n'kutiyatsa mosamala ndi machesi. Thonje, lineni ndi visikosi zimanunkha ngati pepala lopsa ndipo zimasiya phulusa lofewa. Poliyesita amasungunuka n'kusiya kambulu kolimba.

Pogula nsalu ya m'chilimwe, iyang'aneninso padzuwa. Ngati kuwala kukudutsa pakati pa ulusi, ndiye kuti mphepo idutsanso.