Kachilonda kosapweteka kuphazi la wodwala shuga

Munthu wodwala shuga akaona kachilonda kuphazi koma sikakumupweteka, kawirikawiri amangovala nsapato n'kumapita kuntchito. Komatu kusapwetekako ndiye chizindikiro choti zinthu sizili bwino.

Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amawononga mitsempha yomwe imatithandiza kumva ululu ndi kutentha. Zimayambira kuzala zakumapazi: dzanzi, kunyerenyesa, mwina kuwotcha usiku. Pakapita nthawi phazi limasiyiratu kumva.

Tiyerekeze mayi amene akhala ndi shuga zaka 10 ndipo agula nsapato yothina pa kaunjika. Yawatulutsa thuza pansi pa chala chachikulu. Wina akanatsimphina n'kuivula, koma iwo akuyenda nayo tsiku lonse poti sakumva kanthu. Thuza laphulika, khungu la m'mbali mwake lauma n'kukhuthala, ndipo akaponda, khungu lolimbalo likudinikiza mnofu wa pansi pake. Kunja kachilondako kakuoneka ngati njere ya chimanga, pamene mkati kakulowerera, mwina mpaka kufupa. Ambiri amadzazindikira ataona sokosi yathimbirira.

Kupola kumachedwa chifukwa shuga wokwera amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo mwa ena mitsempha ya magazi imakhala itachepa moti magazi safika okwanira kuphazi. Koma chimene ambiri amachinyozera ndi kupondako. Chilonda chimene chikupondedwa tsiku ndi tsiku sichingatseke, ngakhale mutapakapo mankhwala odula bwanji.

Kuchipatala amagunda phazi ndi kaulusi ka nayiloni kuti aone ngati mukumva, amafufuza kugunda kwa magazi, n'kuyeza kuya kwa chilondacho. Kenaka amachotsa khungu lakufa, kutsuka ndi madzi a mchere a kuchipatala n'kumanga. Kudulako kumaopsa ena poti chilonda chimaoneka ngati chakula, koma ndi kumene kumatsegula njira yoti mnofu watsopano umere. Amakupatsaninso njira yoti malowo asagunde pansi, kaya ndi pulasitala, nsapato yapadera kapena ndodo. Maantibayotiki ndi a chilonda chimene chalowa tizilombo basi. Ngati patatha masabata 4 chilonda sichinachepe ndi theka, pamafunika kuunikanso, makamaka kayendedwe ka magazi.

Kunyumba musachipale ndi lezala, musathirepo phulusa kapena zitsamba, ndipo musaviike phazi m'madzi otentha, chifukwa lingapse inu osadziwa. N'chimodzimodzinso kuwotha mbaula m'nyengo yozizira.

Kachilonda kalikonse kuphazi kaonedwe ndi achipatala pasanathe tsiku. Phazi likatupa, likafiira kapena kutentha, pakatuluka mafinya kapena fungo, chala chikada, kapena thupi likatentha, musadikire kuti kuche. Ndipo madzulo aliwonse yang'anani kunsi kwa mapazi ndi pakati pa zala. Ngati maso sakuona bwino, pemphani wachibale akuonereni.