Kawaya ka pa sikelo ndi pa pampu ya mafuta

Mukadzapita pa malo omwetsera mafuta, mudzayang'ane chomata cha bungwe loona za miyezo la MBS chomwe chimakhala pa pampu. M'kati mwa pampuyo mulinso kawaya kopotedwa, komangidwa ndi chidindo cha mtovu kapena pulasitiki. Sikelo zovomerezeka za m'misika nazo zimakhala ndi chidindo chotere.

Chipangizo chilichonse choyezera chili ndi malo ake ochikonzera kuti chiziwerenga mokweza kapena motsitsa. Pa sikelo yopachika ndi kasikulu kosuntha muvi, pa pampu ndi pa mita yowerenga malita. Woyendera akatsimikiza kuti chipangizo chikunena zoona, amamanga malo amenewa, kotero kuti palibe angawakhudze osadula kawayako. Chidindo chikaduka, chitsimikizo chija chatha, ngakhale atadula ndi mmisiri wokonza.

Kayezedwe kake n'kosavuta kumva. Woyendera amathira mafuta m'chigubu chachitsulo cha malita 20, cha khosi lopyapyala lokhala ndi timizere. Pampu ikalemba 20, iye amaona pomwe mafuta alekezera. Muyezo womwe maiko ambiri amatsata umalola kuphonya kosaposa 0.5 peresenti, omwe ndi mamililita 100 pa malita 20. Sikelo amaiyesa ndi miyala yachitsulo yodziwika kulemera kwake, kuyambira yopepuka mpaka yolemera, kenako amaona ngati muvi wabwerera pa ziro.

Nanga n'chifukwa chiyani sayeza kamodzi kokha? Chitsulo chimatopa. Sipuling'i ikanyamula matumba nyengo yonse yokolola imatamuka, dzimbiri ndi fumbi zimagwira muvi, ndipo za m'kati mwa mita zimaperepeseka. Zikatero chipangizo chimanama popanda wochikhudza, ndipo nthawi zina woluza amakhala mwini wake yemwe. Sikelo ya sipuling'i yofooka imalemba kuposa katundu wapachikidwa, wogula mbewu n'kumalipira zomwe sanalandire.

Tiyerekeze mlimi wa soya amene wabwera ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Sikelo ya wogula yasunthidwa kuti muvi uziyambira pansi pa ziro, ndipo thumba lililonse ikulemba 48. Makilogalamu awiri saoneka ndi maso, koma pa matumba onse apita makilogalamu 40, pafupifupi thumba lathunthu la thukuta lake.

Choncho musanapachike thumba, onani kuti muvi uli pa ziro, chidindo n'chosaduka, ndipo nthawi yolembedwa pa chomata sinadutse. Pa pampu, manambala ayambire pa ziro mafuta asanayambe kutuluka. Mukakayika, kanenani ku MBS, chifukwa mlimi wobwera pambuyo panu adzapachika thumba lake pa sikelo yomweyo.